Kumanga zipinda za lendi pamalo anu: kawerengedwe ka ndalama zomangira ndi zaka zimene zimatenga kuti zibwerere

Mlimi akagulitsa bwino fodya, mbatata ya kachewere, soya kapena chimanga, nthawi zambiri maganizo amapita ku kumanga mdadada wa zipinda zoti anthu azichita lendi. M'matauni ang'onoang'ono monga Ulongwe, Domwe, Zobwe, Tsangano ndi Furankungo muli aphunzitsi, anamwino, apolisi, ophunzira ndi amalonda amene amafuna pogona. Vuto limene limaoneka kawirikawiri ndi lakuti ndalama zimatha khoma litafika pa mawindo, kapena zipinda zimatha koma lendi imabwera yochepa kuposa mmene mwini ankaganizira. Nkhani ino ikufotokoza kawerengedwe kake kuyambira pa njerwa mpaka pa chaka chimene ndalama zanu zidzakhale zitabwerera.

Titsatira chitsanzo chimodzi: mdadada wa zipinda zinayi za njerwa zowotcha, zofolera malata. Kuchuluka kwa zipangizo kumene tikupereka mungakugwiritse ntchito kulikonse. Mitengo yokha ndi yongoyerekezera, chifukwa imasiyana malinga ndi dera komanso nyengo. Pamene taika mtengo, fufutanipo n'kulemba umene mwaupeza kwanu.

Yambani ndi lendi, njerwa zibwere pambuyo

Nambala yoyamba kuidziwa ndi lendi imene anthu akulipiradi m'dera limene muli malo anu. Musafunse eninyumba okha, chifukwa amatchula mtengo umene amafuna. Funsani alendi asanu kapena asanu ndi mmodzi okhala m'zipinda zofanana ndi zimene mukufuna kumanga: amalipira zingati, magetsi ndi madzi zili mkati kapena ayi, ndipo chipindacho chidakhala miyezi ingati chopanda munthu iwo asanalowe. Yendaninso m'deralo n'kuwerenga zipinda zotseka. Mukapeza mdadada wabwino uli ndi theka la zitseko zokhoma, dziwani kuti wanunso udzavutika kudzaza.

Onaninso kuti alendi anu adzakhala ndani. Wogwira ntchito m'boma amalandira mwezi ndi mwezi ndipo amatha kukhala zaka, koma amafuna magetsi, chimbudzi chabwino ndi madzi apafupi. Ophunzira, monga a pa sukulu ya zaulimi ya yunivesite ya Zambezi ku Ulongwe, amadzaza zipinda msanga koma ambiri amachoka pa tchuthi chachikulu cha kumapeto kwa chaka. Ogula mbewu amabwera nthawi yokolola n'kupita msika ukatha. Zonsezi zimasintha chiwerengero cha miyezi imene mudzalandire ndalama pa chaka.

M'chitsanzo chathu tinena kuti chipinda chimodzi cha magetsi chikulipidwa mametikali 1,500 pa mwezi.

Malo ndi mapepala

Kuno ku Mozambiki malo ndi a boma, ndipo Lamulo la Malo la 1997 limati sagulitsidwa kapena kuikidwa chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene umatchedwa DUAT. Ufuluwu umapezeka kudzera m'mwambo wa kumudzi, pokhala pamalo mwachilungamo kwa zaka zosachepera 10, kapena popempha ku boma. Nyumba imene mwamanga pamalopo ndi yanu ndipo mukhoza kuichititsa lendi. Musanathire thumba limodzi la simenti, onetsetsani kuti ufulu wa malowo uli m'dzina lanu, malire akudziwika kwa mfumu kapena mlembi wa dera, ndiponso abale agwirizana ngati malowo ndi a banja. Chilolezo chomangira chimatengedwa ku khonsolo ya tauni, kapena ku ofesi ya boma yoona za zomangamanga kumene kulibe khonsolo.

Lamulo lomweli lili ndi mfundo imene imakhudza kwambiri anthu a m'malire. Limatchula malo otetezedwa kumene DUAT siperekedwa, kupatula chilolezo chapadera. Ena mwa malowa ndi mamita 30 mbali iliyonse ya msewu waukulu, mamita 15 m'mbali mwa misewu yocheperapo, komanso makilomita 2 kuchokera pa mzere wa malire a dziko. Alendi amakonda pafupi ndi msewu ndi pa chipata cha malire, koma kumeneko n'kumenenso muyenera kufunsa kaye ku ofesi. Mdadada ukagwetsedwa pokulitsa msewu, kuwerengera konse kumene kuli m'munsimu kumakhala kopanda ntchito.

Kuwerenga njerwa

Chipinda chilichonse m'chitsanzo chathu ndi cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 3.5 kulowa mkati. Zinayi zikandandalikana, mdadadawo ukhala wa mamita 12 m'litali. Khoma lakutsogolo ndi lalitali kuposa lakumbuyo kuti madzi azitsikira mbali imodzi, ndipo pakatikati pake tinena kuti ndi mamita 2.7.

Njerwa zimawerengedwa pa sikweyamita, kutanthauza chigawo cha khoma cha mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'mwamba. Njerwa ya masentimita 23 m'litali ndi 7 m'mwamba imalowa pafupifupi 50 pa sikweyamita ngati khoma lili la mzere umodzi, ndi 100 ngati lili la mizere iwiri. Zikombole za kumudzi zimasiyana, choncho yalani njerwa zanu pansi m'malo a mita imodzi mbali zonse, musiye mpata wa chala pakati pake, n'kuziwerenga.

Makoma akunja ndi mamita 12 kutsogolo, 12 kumbuyo ndi 3.5 mbali iliyonse, onse pamodzi mamita 31. Tikachulukitsa ndi 2.7 tikupeza masikweyamita 84. Zitseko zinayi ndi mawindo anayi zikuchotsapo pafupifupi 10, kutsala 74. Pa mizere iwiri, zimenezi ndi njerwa 7,400. Makoma atatu olekanitsa zipinda ndi masikweyamita 28, ndipo pa mzere umodzi akufuna njerwa 1,400. Maziko, amene ambiri amaiwala powerenga, akuyenda pansi pa makoma onse, mamita 41.5; akakwera masentimita 60 pa mizere iwiri adya njerwa 2,500. Zonse pamodzi ndi 11,300. Onjezani 10 pa 100 iliyonse chifukwa cha zosweka pa ngolo ndi zosapsa za m'mphepete mwa uvuni, ndipo mufika pafupi ndi 12,500.

Ngati mukuumba nokha, njerwazo si zaulere. Lembani malipiro a oumba, otunga madzi, nkhuni zowotchera ndi ngolo yotutira. Umbaninso zoposa pamenepa, chifukwa uvuni suturutsa njerwa zabwino zokhazokha.

Simenti ndi denga

Simenti ndiyo imasokoneza ambiri chifukwa imagulidwa pang'onopang'ono, munthu osazindikira kuti matumba akwana angati. Iwerengeni ntchito ndi ntchito. Pomanga ndi thumba limodzi la makilogalamu 50 pa miyezo isanu ndi umodzi ya mchenga, njerwa 1,000 zimadya matumba atatu, choncho makoma onse afuna matumba 35. Konkire wa pansi pa maziko afuna 14. Lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa zitseko ndi mawindo, amene amateteza khoma kuti lisang'aluke, afuna 10. Pansi pa zipinda, masikweyamita 42, pafuna matumba 20 kuphatikizapo kusalaza. Pulasitala ya mkati ndi kunja ifuna 22, poti thumba limodzi limakuta masikweyamita 9 kapena 10. Zonse zikukwana pafupifupi matumba 100.

Njerwa zokhota ndi zosiyana kukula zimadya simenti yambiri pomanga ndi popaka pulasitala, motero njerwa zotchipa nthawi zina zimadula pamapeto. Ena amamanga makoma ndi dothi n'kupaka simenti kunja. Zimenezi zimapulumutsa matumba pafupifupi 30, koma maziko ndi lamba zisamangidwe ndi dothi, ndipo denga liyenera kutulukira mokwanira kuti mvula isamenye khoma.

Pa denga, musawerenge ndi m'lifupi monse mwa lata, chifukwa malata amasanjikizana. Lata wamba limakuta pafupifupi masentimita 70. Denga la mamita 12.6 likufuna malata 18 pa mzere umodzi. Chipinda cha mamita 3.5 sichikwanira ndi lata limodzi la mafiti 12, choncho pafunika mizere iwiri ya malata a mafiti 8, onse pamodzi 36, ndipo zimenezi zisiyanso kakhonde kakang'ono kutsogolo. N'chinthu chanzeru kufunsa kaye kutalika kwa malata amene amapezeka m'sitolo za kwanu musanakumbe maziko, kuti chipinda chigwirizane ndi lata m'malo modula ndi kutaya zidutswa.

Kuika mitengo

Tsopano tichulukitsa zipangizo ndi mitengo. Manambala onsewa ndi mametikali, ndipo mtengo uliwonse ukuphatikiza kunyamula mpaka pamalo.

- Njerwa 12,500 pa mametikali 3 imodzi: 37,500
- Simenti matumba 100 pa 550 limodzi: 55,000
- Mchenga, miyala, madzi ndi zitsulo za lamba: 32,500
- Malata, matabwa, misomali ndi waya: 30,000
- Zitseko zinayi, maloko, mawindo anayi a zitsulo: 30,000
- Laimu kapena penti: 10,000
- Mmisiri womanga, kalipentala ndi othandiza: 70,000
- Chimbudzi ndi bafa: 35,000
- Magetsi, mawaya ndi wolumikiza: 25,000
- Mapepala a malo ndi chilolezo: 15,000

Zonsezi zikukwana 340,000. Onjezani 10 pa 100 ya zogwa mwadzidzidzi, monga simenti kukwera mtengo ntchito ili mkati kapena kupeza thanthwe pokumba chimbudzi. Tikufika pa 374,000, ndipo tizungotchula kuti 375,000. Ngati mudalipira kena kalikonse kuti mupeze malowo, onjezaninso pamenepa.

Taonani mizere itatu yomalizayo. Chimbudzi, magetsi ndi mapepala zikukwana 75,000, ndipo n'zimene ambiri saziika m'kaundula poyamba. Popanda zimenezi, mlendi wolipira 1,500 sangalowe. Pa magetsi ganizirani msanga ngati chipinda chilichonse chidzakhale ndi mita yakeyake ya Credelec kapena onse adzagawana imodzi. Mita imodzi ndi yotchipa pomanga, koma imabweretsa mikangano wina akagula mbaula ya magetsi kapena firiji, ndipo mwininyumba ndi amene amathera kulipira.

Ndi mmisiri, gwirizanani mtengo wa gawo lililonse: maziko, khoma mpaka pa lamba, denga, kenako pulasitala ndi pansi. Lipirani gawo likatha ndipo mwaliona ndi maso anu. Kulipira pa tsiku kumatalikitsa ntchito, ndipo kupereka ndalama zambiri poyamba kumakusiyani opanda mphamvu mmisiri akapeza ntchito ina. Lembani mgwirizanowo pa pepala pamaso pa mboni, ndipo sungani kope lolembamo matumba a simenti olowa ndi otuluka tsiku lililonse.

Zaka zingati kuti ndalama zibwerere

Ambiri amawerenga chonchi: zipinda zinayi pa 1,500, miyezi 12, zikupereka 72,000 pa chaka. Akagawa 375,000 ndi 72,000 amapeza zaka zisanu ndi miyezi iwiri kapena itatu. Kuwerenga kumeneku kumaganiza kuti zipinda zonse zidzakhala zodzaza mwezi uliwonse, aliyense adzalipira pa nthawi, ndipo palibe chidzawonongeke.

Choyamba kuchotsa ndi miyezi yopanda ndalama. Mlendi akasamutsidwa kuntchito, chipinda chimakhala mwezi umodzi kapena iwiri chisanapeze wina. Wina amachoka usiku ali ndi ngongole. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chakudya chimadula ndipo sukulu zikutsegulidwa, ambiri amachedwetsa lendi. N'bwino kuwerenga miyezi 10 pa chaka m'malo mwa 12. Zikatero 72,000 ija yatsika kufika pa 60,000.

Chachiwiri ndi zokonza. Loko amathyoka, chitseko chimadyedwa ndi chiswe, chipinda chimafuna laimu mlendi akatuluka, chimbudzi cha mabanja anayi chimadzaza msanga kuposa cha banja limodzi. Palinso msonkho wa nyumba wa ku khonsolo kwa amene ali m'tauni, ndipo ndalama za lendi nazo zimakhomeredwa msonkho malinga ndi lamulo, choncho funsani ku ofesi ya misonkho kuti mudziwe zimene zikukukhudzani. M'chitsanzo chathu tiika 10,000 pa chaka pa zonsezi. Chaka choyamba simudzawononga zonse, koma chaka chokumba chimbudzi china mudzapitirira. Zotsala m'manja ndi 50,000 pa chaka.

Tikagawa 375,000 ndi 50,000 tikupeza zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka. Imeneyi ndiyo nambala yodalirika, ndipo imayamba kuwerengedwa tsiku limene mlendi woyamba walowa. Ngati kumanga kwatenga zokolola za zaka ziwiri, ndalama zanu zoyamba zidikira zaka zoposa zisanu ndi zinayi.

Kusintha pang'ono kwa lendi kumasintha zaka kwambiri, chifukwa zokonza sizitsika lendi ikatsika. Mdadada womwewu ukamangidwa kumene anthu amalipira 1,000, zotsala ndi 30,000 pa chaka ndipo ndalama zibwerera patatha zaka 12 ndi theka. Kumene amalipira 2,000, zotsala ndi 70,000 ndipo zaka zake n'zosakwana zisanu ndi theka. Njerwa ndi simenti n'zomwezo, chasintha ndi malo. N'chifukwa chake tinayamba ndi kufufuza lendi.

Mukhozanso kuwerenga chobwerera. Ngati mukufuna ndalama zanu m'zaka zisanu ndi chimodzi ndipo zotsala pa chaka ndi 50,000, musapitirire 300,000 pomanga. Pamenepo mudziwa kuti matailosi ndi siling'i zidikire, pokhapokha ngati mlendi adzawonjezeradi ndalama chifukwa cha zimenezo.

Ziwiri zotha kapena zinayi zopanda denga

Ngati ndalama sizikukwana zipinda zonse, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kukweza makoma a zipinda zinayi n'kudikira zokolola za chaka chamawa kuti mufolere. Yachiwiri ndi kumaliza ziwiri, anthu n'kulowa.

M'chitsanzo chathu, chipinda chimodzi pachokha chikudya pafupifupi 66,000. Ziwiri ndi 132,000, ndipo tikaonjeza 75,000 ya chimbudzi, magetsi ndi mapepala komanso za mwadzidzidzi, tikufika pafupi ndi 230,000. Zipinda ziwirizo zisiya m'manja pafupifupi 24,000 pa chaka, kutanthauza zaka zisanu ndi zinayi ndi theka. Zikuoneka zochedwa, chifukwa zipinda ziwiri zokha zikusenza mtengo wonse wa chimbudzi ndi magetsi. Koma ziwiri zotsatirazo zidzafuna 145,000 yokha, ndipo zidzabweza ndalama zake m'zaka zosakwana zisanu ndi chimodzi. Pa malo amodzi, chipinda chachitatu ndi chachinayi ndi zimene zimapindulitsa kwambiri, bola anthu ozifuna alipo.

Makoma opanda denga sabweretsa kanthu, ndipo mvula ya Disembala mpaka Malichi imawononga njerwa zosapsa bwino ndi makoma omangidwa ndi dothi. Choncho amene ali ndi ndalama zochepa akumbe maziko a zonse zinayi ngati angathe, amalize ziwiri, ndipo asiye mano a njerwa kumapeto kwa khoma kuti adzalumikizirepo. Konzaninso nthawi: umbani ndi kuwotcha njerwa mvula ikangotha, mangani pakati pa Juni ndi Okutobala, denga likhale litakwera mvula isanayambe. Simenti musaigule miyezi yambiri isanafike ntchito, chifukwa ikakoka chinyezi imagwirana n'kuchepa mphamvu. Malata ndi zitsulo ndi zimene mungagule mukangogulitsa mbewu n'kusunga.

Ngongole ndi ndalama za mayiko awiri

Musanatenge ngongole yomalizira nyumba, yerekezani chiwongoladzanja cha mwezi umodzi ndi lendi ya mwezi umodzi. Tinene kuti mwakongola 200,000 pa 3 pa 100 iliyonse pa mwezi. Chiwongoladzanja chokha ndi 6,000 mwezi woyamba, zofanana ndendende ndi lendi ya zipinda zonse zinayi zitadzaza, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Mdadada wa chitsanzo chathu umabweza pafupifupi mametikali 13 pa 100 iliyonse pa chaka, choncho ngongole iliyonse yodula kuposa pamenepo idzalipidwa ndi munda wanu kapena ng'ombe zanu. Ngongole yaing'ono yogulira zitseko kuti anthu alowe mwezi wamawa ikhoza kumveka. Yaikulu yomangira kuyambira pa maziko siyenda ndi lendi yotere.

Kwa okhala m'malire palinso nkhani ya kwacha. Ambiri amaona mitengo ya malata ndi simenti ku Dedza, Lizulu kapena Mwanza n'kuona ngati n'zotchipa. Sinthani mtengowo kukhala mametikali pa mtengo umene mudzasinthire tsikulo, muonjeze mayendedwe ndi msonkho wa pa chipata, kenako muyerekeze. Kaundula wanu yense akhale m'ndalama imodzi. Chimodzimodzi ndi lendi: mu Novembala 2023 kwacha ya ku Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo aliyense amene adagwirizana lendi m'makwacha adataya gawo lalikulu la phindu lake. Ngati mudamanga ndi mametikali, tchulani lendi m'mametikali, ndipo wolipira makwacha asinthe pa mtengo wa tsiku lolipira.

Pomaliza, mlendi aliyense alowe ndi pepala losonyeza lendi, tsiku lolipira, ndalama ya chikole, amene adzalipire magetsi ndi madzi, komanso masiku ochenjezana asanatuluke. Mwezi umodzi wotayika pa chipinda chilichonse chaka ndi chaka umachotsa 6,000 pa 50,000 ija, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka zimasanduka zisanu ndi zitatu ndi theka. Sungani kope la zonse zolowa ndi zotuluka, ndipo chaka chikatha gawaninso ndalama zomangira ndi zimene zatsaladi m'manja, kuti mudziwe ngati n'koyenera kuonjezera chipinda china kapena kubweza ndalamazo ku munda.